Mawu a Bambo a Mkwatibwi

Zikomo nonse. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri, abusa athu, ndi inu asewere amene mwanyamuka mbandakucha kuchokera ku Ntcheu, ine ndi mayi a Chisomo tikuthokoza ndi mtima wonse.

Amayi amene mwachezera usiku pamoto, utsi uli m'maso, kuti tonse tidye, Mulungu akudalitseni.

Chisomo mwana wanga, ndikukumbukira ukulira pa geti tsiku loyamba la sukulu, utagwira thalauzi langa osafuna kulisiya. Lero wagwira dzanja la Madalitso, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Apongozi, mwanayu tamulera movutikira, fizi yake inkachokera m'munda wa mtedza. Mumusamale. Pakavuta, ankhoswe alipo, ndipo khomo lathu ndi lotsekula.

Tsopano perekaniperekani apitirire. Zikomo kwambiri.