Tadala ndi Ulendo wa Madzi

Tadala anabwera kuchokera kusukulu atanyamula pepala lalikulu. Aphunzitsi a Sitandade 5 anajambulapo nyanja, dzuwa, mtengo, mtambo ndi phiri, ndipo pakati pa zinthuzi panali mivi 7 yopanda mayina. Ntchito yake inali kulemba dzina pa muvi uliwonse.

Anapeza agogo ake aamuna atakhala pamthunzi m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, akusoka ukonde. Mlongo wake wamng'ono, Yamikani, anali pathandala la usipa, nkhope ili ndwii.

"Agogo, wina watibera," anatero Yamikani. "M'mawa usipawu unali wonyowa, wolemera. Pano wapepuka. Madzi ake watenga ndani?"

Agogo analoza kumwamba ndi singano yosokera ukonde. "Wakubayo ndi uyo apoyo. Usamuyang'ane, angakuwononge maso."

"Dzuwa!" anafuula Tadala. Anayala pepala lake pamchenga n'kuika timiyala m'makona. Muvi woyamba unkachokera panyanja kuloza kumwamba. "Aphunzitsi anati dzuwa likatenthetsa madzi, ena amasanduka nthunzi n'kukwera. Nthunziyo sioneka ndi maso."

"Ndi zoona," anatero agogo. "Amatenga pausipa, pa malaya amene amayi ako ayanika, komanso panyanja yonseyi. Madzi amene amachoka m'nyanja muno ngati nthunzi ndi ambiri kuposa amene amatuluka mumtsinje wa Shire ku Mangochi."

Tadala analemba mosamala:

1. Madzi asanduka nthunzi

Muvi wachiwiri unkachokera pamtengo. Yamikani anakana. "Mtengo ulibe madzi. Onani, ndi wouma gwaa!"

Agogo anatulutsa kajumbo koonekera m'kati m'thumba la malaya awo. Anakaveka kunsonga ya nthambi ya mango yokhala ndi masamba obiriwira, n'kumanga pakamwa pake ndi ulusi wa ukonde. "Tiyeni tikaone ngati amayi anu ayamba kuphika. Tikabwera tidzamufunse mtengoyu."

Kukhitchini anapeza mpunga ukuwira. Amayi atavundukula poto, madzi anayenderera kuchokera pachivundikiro n'kudonthera pamoto, tswii!

"Amayi, mwathira madzi pachivundikiro?" anafunsa Yamikani.

"Ayi, mwanawe. Achokera m'potomo."

Tadala anayang'anitsitsa. Kunsi kwa chivundikiro kunali timadontho tambirimbiri, tina tating'ono kwambiri, tina tikukumana n'kukhala dontho limodzi lalikulu. "Ndamvetsa tsopano! Nthunzi yakwera, yakumana ndi chivundikiro chozizirirapo, yabwereranso kukhala madzi."

"Nanga kumwambako kuli chivundikiro?" anatero Yamikani.

"Kulibe, koma kumazizira. Mpweya ukamakwera umanka nuzizira. Nthunzi ija ikafika kozizirako imasanduka timadontho tating'onoting'ono, tomatirira pa fumbi ndi utsi zimene zili mumpweya. Timadonthoto tikachuluka, ife pansi pano timati kwachita mitambo."

Anathamangiranso kumtengo wa mango. Kajumbo kaja kanali katachita mbuu m'kati, ndipo pansi pake panali tadontho towala. Yamikani anakagwira ndi chala n'kuseka.

"Mizu imamwa madzi m'nthaka," anatero agogo, "madziwo n'kukwera m'thunthu mpaka m'masamba. M'masambamo muli timabowo tosaoneka, m'mene amatulukira ngati nthunzi. Nkhalango yonse ya Nkhotakota imachita zimenezi tsiku lililonse, mtengo ndi mtengo."

Tsopano Tadala anali ndi mayina awiri olemba:

2. Masamba atulutsa nthunzi

3. Nthunzi yazizira, yapanga mitambo

Muvi wachinayi sunavute aliyense. Unkachokera pamtambo wakuda kuloza paphiri.

"Mvula!" anatero Yamikani akudumphadumpha.

"Koma bwanji mitambo ina imangodutsa osagwetsa kanthu?" anafunsa Tadala.

"Timadontho take timakhala tidakali topepuka, ndiye mphepo imangotinyamula," anayankha agogo. "Tikagundana n'kukula, mpweya umalephera kutigwira, basi timagwa. Ukayang'ane cha ku phiri la Ntchisi mu Disembala. Mphepo ikakankhira mitambo kuphiri, imakwera, imazizira kwambiri, n'kuda bii. Msodzi akaona choncho amakokera bwato kumtunda. Nthawi zina madonthowo amaundana kumwambako n'kugwa matalala."

4. Mvula yagwa

Paphiri la pachithunzi panali mivi iwiri. Wina unkatsetsereka pamwamba pa nthaka, wina unkalowa pansi. Apa Tadala anaima, pensulo ili kukamwa.

Agogo anatuma Yamikani kukatunga madzi m'chitini. "Thira theka pamwala uwo." Madzi anathamanga pamwala paja n'kutsikira kumunsi. "Otsalawo thira pamchenga." Madzi anangoti zii, kusiya malo onyowa.

"Mwaona? Mvula ikagwa imagawikana chomwecho. Ina imathamanga pamtunda, m'tinjira ndi m'makwawa, mpaka kukalowa mumtsinje. Mtsinje wa Bua umayambira kutali ku Mchinji, umatola madzi njira yonse, umadutsa m'nkhalango ya zinyama, n'kudzathira m'nyanja muno. Mumtsinjemu ndi momwe mpasa zimakwera kukaikira mazira."

"Ndi chifukwa chake Bua amafiira m'dzinja?"

"Eya. Kufiirako ndi dothi la m'minda ya anthu. Pamene mitengo inadulidwa, madzi amathamanga mopanda chowagwira ndipo amakokolola nthaka. Pamene pali mitengo ndi udzu, madzi amachedwa, amapeza mpata wolowa pansi."

5. Madzi ayenda pamtunda

"Nanga olowa pansiwo atayika?" anafunsa Yamikani akukumba pamene anathira paja.

"Kumbabe," anatero agogo.

Anakumba mpaka mkono unalowa kufika m'chigongono. Pansi pa dzenjelo madzi anayamba kudikha pang'onopang'ono.

"Awo! Ndawapeza!"

"Pansi pa nthaka madzi amakhala m'mipata ya mchenga ndi miyala, ndipo amayenda pang'onopang'ono kwambiri. Ndi amene mumapopa pamjigo wa kusukulu mu Okutobala, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Ena amatuluka okha pakasupe. Aja a ku Mawira amatuluka otentha chifukwa amakhala atafika pansi kwambiri, pamene miyala yake ndi yotentha."

6. Madzi alowa m'nthaka

Unatsala muvi umodzi, wochokera kumtsinje ndi pansi pa nthaka kuloza kunyanja. Tadala sanafunsenso aliyense.

7. Madzi asonkhana m'nyanja

Yamikani anaika chala pa 7, n'kuona kuti pafupi pomwepo pali 1. Anatsatira mivi ija, anazungulira, anafikanso pomwe anayambira. Anazunguliranso kachiwiri.

"Achemwali, mwaiwala kulemba pothera."

"Palibe pothera," anatero Tadala. "Akafika m'nyanja dzuwa liwatenganso. Ngakhale aja otuluka mu Shire, amakalowa mu Zambezi mpaka kunyanja yamchere ya Indian, ndipo kumenekonso dzuwa limawakweza, mcherewo n'kutsala." Pamwamba pa pepala analemba ndi zilembo zikuluzikulu: KUZUNGULIRA KWA MADZI.

"Ndiye mvula ya chaka chino idzakhala ndi fungo la usipa wathu?"

Agogo anaseka mpaka singano inagwa m'manja. "Ayi, mdzukulu wanga. Amakwera ndi madzi okha. Usipawo watsalira ife."

Nthawi yomweyo amayi anaitana kuti mpunga wapsa. Tadala anakung'untha mchenga papepala lake n'kulipinda bwinobwino, Yamikani n'kuthamangira kukamasula kajumbo kaja kuti mawa akaonetse anzake a Sitandade 1.