Za chipinda cha lendi chomwe mwalengeza

Muli bwanji mayi? Ndaona chilengezo chanu cha chipinda cha lendi, chija cha khomo lakelake, ndiye ndati ndifunse ngati chikadalipo. Ndine namwino, ndimakhala ndekha, ndipo ndikufuna kulowa pa 1 mwezi wamawa. Mundikhululukire, mafunso achulukirapo, koma bola ndifunsiretu ndisanasamutse katundu.

Mtengo womwe mwalembawo ndi wa chipinda chokha, kapena madzi ndi magetsi zili momwemo? Polowa mumafuna lendi ya miyezi ingati? Ngati pali dipoziti, imabwezedwa pakapita masiku angati munthu akatuluka, nanga mumadulapo pa zifukwa ziti? Malipiro anga amalowa pa 27, kotero kulipira pofika pa 1 sikungandivute, koma ndingakonde kumalandira lisiti nthawi zonse. Mundiuzenso ngati timasainirana pangano, komanso notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji, kaya yotuluka kaya yokweza lendi.

Nkhani ya magetsi ndiye ndiimve bwino. Chipindachi chili ndi mita yakeyake, kapena tonse tili pa mita imodzi? Komwe ndikukhala pano tili anthu anayi pa mita imodzi ndipo timagawana mofanana. Ine tsiku lonse kulibe, chomwe ndimayatsa ndi babu limodzi ndi kutchaja foni basi, pomwe mnzanga wa khomo loyandikana hotipuleti yake imakhala yofiira kuyambira m'mawa. N'chimene chikundisamutsa. Ndiye ngati mita ndi imodzi, mumagawa potengera zitseko kapena kuchuluka kwa anthu, ndipo bilu yake aliyense amaiona? Funso lomweli likhudzenso madzi. Amatuluka tsiku lililonse? Intaneti ilipo? Ngati palibe si vuto, ndili ndi yanga.

Bafa, chimbudzi ndi khitchini tizigwiritsa ntchito anthu angati, ndipo pokonza mumasinthana bwanji? Mpopi kapena loko zikawonongeka amakonzetsa ndani?

Tsopano za malamulo a pakhomo. Sabata zina ndimagwira usiku, ndimachoka 6 koloko madzulo n'kubwera 7 koloko m'mawa, nthawi zinanso amandiitana pakati pa usiku. Geti mumatseka nthawi yanji, ndipo ndingakhale ndi kiyi wangawanga? Popanda kiyi, kunena zoona, chipindacho sichingandithandize ngakhale chitakhala chabwino chotani. Masana ndimagona, ndiye mundiuze mosabisa ngati pamakhala phokoso. Alendo mumalola mpaka nthawi yanji? Mng'ono wanga amabwera kudzagona masiku awiri kapena atatu sukulu akatsekera, kodi zimenezo zingavute? Sindisuta ndipo ndilibe chiweto. Ngati pali lamulo lina lomwe ena analikana, mundiuziretu.

Loweruka lino sindikupita kuntchito. Ndingabwere cha m'ma 2 koloko masana kudzachiona? Za ndalama tidzakambirana ndikachiona ndi maso. Zikomo kwambiri, mayi.