Ndondomeko Yogawira Kaundula wa Mamembala Potengera Madera

Kwa alembi onse a nthambi za bungwe lathu lothandizana m'boma la Nkhotakota, kuchokera kwa mlembi wamkulu.

Komiti yaikulu inagwirizana kuti mayina onse a mamembala achoke m'makope a nthambi n'kulowa m'kaundula mmodzi wa pa kompyuta, woti aliyense womutsegula athe kuona msanga kuti membala uyu ndi wa dera liti. Ambiri mukukumbukira zimene zinachitika mwezi wathawu pamene uthenga wa maliro a ku Benga unafika kwa mlembi wa ku Dwangwa chifukwa mayina awiri ofanana analembedwa popanda chowasiyanitsa, ndipo chipepeso chinafika mwambo utatha. Zimenezi zinandipweteka mtima, ndipo ndi chifukwa chake ndikukupemphani kuti muwerenge ndondomekoyi mofatsa.

Ena munafunsa ngati sitingagawe anthu poyang'ana manambala oyambirira a foni zawo. Kuno kwathu zimenezo sizingatheke, chifukwa chiyambi cha nambala ya foni ya m'manja chimasonyeza kampani, osati kumene munthu amakhala. Nambala yoyamba ndi 088 ndi ya TNM ndipo yoyamba ndi 099 ndi ya Airtel, kaya mwiniwake ali ku Dwambazi kaya ali ku Nsanje. Chiyambi cha nambala ya foni chingatithandize pa anzathu okhawo amene ali kunja kwa dziko, popeza +27 ndi ya ku Joni, +260 ndi ya ku Zambia, +255 ndi ya ku Tanzania ndipo +258 ndi ya ku Mozambiki, pomwe yathu ndi +265. Choncho tapanga nambala yathuyathu ya umembala, imene imanena yokha dera la mwiniwake.

Nambala ya membala aliyense izikhala ndi manambala asanu. Awiri oyambirira ndi a dera, ndipo atatu otsalawo ndi a munthuyo m'dera lakelo. Ku Boma ndi ku Linga tapereka 11, ku Dwangwa 12, ku Dwambazi 13, ku Benga 14, ndipo ku Mwansambo 15. Amene ali m'maboma ena monga Salima, Kasungu ndi Lilongwe aziyamba ndi 20, ndipo amene ali kunja kwa dziko aziyamba ndi 30. Motero munthu woyamba kulembedwa ku Benga ndi 14001, ndipo wachisanu ndi chiwiri ku Dwangwa ndi 12007. Tayambira dala pa 11 osati pa 01, chifukwa Excel, pulogalamu imene tikusungiramo kaundulayu, imachotsa ziro woyambirira pa nambala iliyonse, moti 01007 ikanasanduka 1007 ndipo fomula yopezera dera ikanawerenga dera lolakwika. Manambala a 16 mpaka 19 tawasungira nthambi zatsopano zimene zingadzabadwe.

Fayilo ya sipuredishitiyi ili ndi masamba awiri. Tsamba lotchedwa `Mamembala` lili ndi madanga asanu: A ndi la nambala ya umembala, B la dzina, C la mudzi ndi mfumu yake, D la foni, ndipo E la dera. Mzere woyamba ndi wa mitu, kotero mayina akuyambira pa mzere wachiwiri. Tsamba lotchedwa `Madera` ndi lalifupi: kuyambira pa mzere wachiwiri, mu danga A muli manambala asanu ndi awiri a madera aja, ndipo mu danga B muli mayina ake.

Danga E musalembemo ndi manja ngakhale pang'ono. Pamene tinkaphatikiza makope, ndinapeza dera limodzi lolembedwa mwa njira zitatu, wina "Boma", wina "KK Boma", wina "Linga", ndipo kompyuta imaona amenewa ngati madera atatu osiyana. M'bokosi la E2 muli fomula iyi, imene mukoperere m'munsi mpaka pa dzina lomaliza:

```
=VLOOKUP(VALUE(LEFT(A2,2)),Madera!A:B,2,FALSE)
```

Mbali ya `LEFT` imadula manambala awiri oyambirira, ndipo `VLOOKUP` imapita nawo pa tsamba la `Madera` kukatenga dzina logwirizana nawo. Mawu akuti `VALUE` musawachotse poganiza kuti ndi osafunika, chifukwa zimene `LEFT` yadula zimatuluka ngati malemba, pomwe pa tsamba la `Madera` pali manambala, ndipo popanda `VALUE` ziwirizi sizingazindikirane. Mukaona `#N/A` m'bokosi, dziwani kuti chiyambi chimene mwalemba kulibe pa mndandanda wa madera, ndipo chofunika kukonza ndi nambala ya mu danga A, osati fomulayo.

Musanalembe foni iliyonse, sankhani danga D lonse, mutsegule `Format Cells` n'kusankha `Text`. Mukapanda kutero ziro wa pa 088 kapena 099 asowa, ndipo chizindikiro cha + nachonso chichoka. Foni zonse za m'dziko muno tizilemba moyamba ndi +265, kenako manambala asanu ndi anayi opanda ziro uja komanso opanda mipata.

Pofuna kuti anthu a dera limodzi aime pamodzi, sankhani tebulo lonse, mupite pa `Data` kenako `Sort`, n'kusanja potengera danga A. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu pa ntchito yonseyi. Mukasankha danga limodzi lokha n'kulisanja, manambala asuntha koma mayina ndi mafoni akhala pomwe anali, ndipo mayi wa ku Mwansambo apezeka ndi nambala ya bambo wa ku Dwambazi popanda chilichonse chokuchenjezani pambuyo pake. Excel ikakufunsani, yankhani kuti `Expand the selection`, ndipo muzikopera fayiloyo pa fulashi musanayambe kusanja. Ngati mukungofuna kuona dera limodzi, gwiritsani ntchito `Filter` pa danga E, chifukwa njira imeneyo imangobisa mizere ina osasuntha kanthu.

Msungichuma amafuna chiwerengero cha dera lililonse kuti adziwe zopereka zimene akuyembekezera. Pa tsamba la `Madera`, m'bokosi la C2, muli fomula yowerengera, imene mukoperere m'munsi mpaka pa dera lomaliza:

```
=COUNTIF(Mamembala!E:E,B2)
```

Nkhani imene inatitengera nthawi mu komiti ndi ya anthu osamuka. Tinagwirizana kuti dera la membala ndi kumene amasonkha ndi kumene amakhala nawo pa misonkhano, osati kumene anabadwira kapena kumene wagona sabata ino. Msodzi amene watsatira usipa ku gombe lina kwa miyezi iwiri, kapena amene wapita kukadula nzimbe ku Dwangwa pa nyengo yake yokha, nambala yake isasinthe. Amene wasamuka ndi banja lonse apatsidwe nambala yatsopano ya dera limene wafikalo, ndipo yakale ilembedwe m'kope la nthambi pamodzi ndi tsiku limene yasinthidwa, kuti malisiti akale athe kulondolozeka. Nambala ya munthu amene wasamuka, wasiya kapena watisiya isaperekedwenso kwa wina. Ine ndikuona kuti ndi bwino pakhale mipata m'manambala kusiyana n'kuti ngongole ya malemu idzapezeke pa dzina la munthu watsopano.

Kaundula yense azikhala ndi mlembi wamkulu ndi msungichuma basi, ndipo mlembi wa nthambi azilandira mndandanda wa dera lake lokha, popeza anthu anatipatsa mafoni awo kuti tiziwadziwitsa za bungwe, osati kuti aziyenda m'magulu a WhatsApp. Amene mulibe kompyuta lembani madanga A mpaka D m'kope mwa dongosolo lomweli, ndipo mubwere nalo ku msonkhano wa Loweruka lomaliza la mwezi uno ku Boma, komwe tidzalowetsere limodzi mayinawo pa laputopu ya bungwe.