Dandaulo pa Zomwe Ejenti Wanu Anandiuza Pondigulitsa Pulani ya Inshuwalansi ya Moyo, ndi Pempho Loti Mundibwezere Ndalama Zanga

8 Julaye 2025

Kwa Mkulu Woona Madandaulo a Makasitomala,

Bwana,

Ndine mwini wa pulani nambala 4471902, ya inshuwalansi ya moyo yophatikiza kusunga ndalama, imene ndinasainira pa 14 Malichi 2023. Ndalemba kalatayi kudandaula kuti ndinalowa m'pulaniyi chifukwa cha zinthu zabodza zomwe ejenti wanu anandiuza, ndipo ndikupempha kuti muithetse ndi kundibwezera ndalama zonse zomwe mwandidula pamalipiro anga kwa miyezi 27, kuyambira Epulo 2023 mpaka Juni 2025. Dzina ndi nambala ya ejentiyo zili pa fomu yomwe muli nayo mu ofesi mwanu.

Ine ndine namwino, ndipo ndikulera ndekha ana awiri bambo awo atamwalira. Ejenti wanu anatipeza kuntchito nthawi ya nkhomaliro, tili atatu. Nditamumvetsera ndinamuuza poyera kuti inshuwalansi ya moyo ndili nayo kale kudzera kuntchito, ndipo chomwe ndinkafuna ndi posunga ndalama ya fizi ya mwana wanga wamkulu, yemwe panthawiyo kunali kutamutsalira zaka ziwiri kuti amalize sekondale. Ndinanena zimenezi kawiri. Iye anayankha kuti, "Amayi, ndiye mwapeza. Iyi ili ngati buku la kubanki, koma yoposa banki. Chaka chimodzi chikangotha, ndalama yanu mutha kuitenga tsiku lililonse, yonse, pamodzi ndi chiwongoladzanja." Anatinso chiwongoladzanjacho ndi 15 peresenti pachaka, chosasintha, ndipo inshuwalansi ya moyo ndi yaulere, yangokhala basela. Anatenga kapepala, nkulemba ndi dzanja lake ndalama ya pamwezi, pansi pake nkulemba yomwe ndidzalandire pakatha zaka zisanu, nkuizunguliza ndi cholembera chofiira. Kapepalako ndili nako mpaka lero.

Fomu analemba yekha. Ine anangondilozera malo atatu omwe anaikapo timitanda ta pensulo, nati ndisaine msanga chifukwa akuthamangira kwina. Ndikuvomera kuti ndinasaina osawerenga tsamba lililonse, ndipo zimandiwawa ndikakumbukira. Koma sanandisiyire kope lililonse loti ndikawerenge kunyumba, ndipo munthuyo anabwera ndi chiphaso chanu pakhosi, ndi mafomu okhala ndi chizindikiro cha kampani yanu. Ndinalibe chifukwa chomukayikira.

Mu Meyi chaka chino mwana wanga anapatsidwa malo ku koleji. Pa 2 Juni ndinapita ku ofesi yanu mtima uli m'malo, kalata ya kusukulu ili m'chikwama, kuti ndikatenge ndalama zanga. Mayi amene anandithandiza pakauntala anayang'ana pakompyuta, kenako anandiyang'ana ine, nandifunsa ngati wina anandifotokozerapo za pulaniyi. Ndi iye amene anandiuza kuti pulani yanga ndi ya zaka 15, osati zisanu. Anati ndikaisiya panopa ndilandira ndalama yosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe ndapereka. Ndinakhala pansi pabenchi, miyendo itazizira.

Usiku womwewo ndinawerenga chikalata chonse cha pulaniyi mzere ndi mzere. Palibe paliponse pomwe palembedwa 15 peresenti. Tsamba 4 likuti bonasi imalengezedwa chaka ndi chaka malinga ndi momwe ndalama zomwe kampani yaika m'mabizinesi zapindulira, ndipo kampani sikulonjeza kuchuluka kwake. Inshuwalansi ija ankati ndi basela si yaulere konse: tsamba 6 likuonetsa kuti pa ndalama ya mwezi uliwonse mumayamba mwachotsa mtengo wa inshuwalansi ya moyo, ndalama zoyendetsera pulani ndi komishoni ya ejenti, ndipo zotsala ndi zomwe zimasungidwa. M'zaka zoyambirira zochotsedwazi zimakhala zambiri zedi, nchifukwa chake tebulo la patsamba 9 likuonetsa kuti wosiya pulani zaka ziwiri zisanakwane salandira kanthu ngakhale pang'ono. Tsono taonani, Bwana: nthawi yomwe ejenti wanu ankati nditha kutenga ndalama yanga yonse, chaka chimodzi chitatha, ndi nthawi yomwe chikalata chanu chikuti ndikanachoka chimanjamanja. Uku si kulakwitsa pang'ono pofotokoza. Munthu wogulitsa mapulani amenewa tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zomwe zili patsamba 9.

Sindikunena kuti pulani yotereyi ndi yoipa kwa aliyense. Kwa munthu wofuna kusunga kwa zaka zambiri, wofunanso kuti banja lake lidzapeze thandizo iye akamwalira, mwina ndi yabwino. Koma ine ndinanena kuti ndalama idzafunika pakatha zaka ziwiri, ndipo ejenti woona mtima akanandiuza kuti iyi siyondiyenera.

Ndikudziwa kuti mudzandikumbutsa za masiku 30 omwe munthu amapatsidwa kuti aganize bwino, ndi kubweza pulani ngati sakuifuna. Ndawaona patsamba 2. Za masiku amenewo ejenti sanatchule. Chikalata chinasindikizidwa pa 3 Epulo 2023, koma ejenti anabwera nacho kwa ine pa 18 Ogasiti, nditamuimbira foni kangapo, ndipo pochipereka anati, "Ingosungani bwino, zonse ndi zomwe tinakambirana zija." Ndinachiika m'sutikesi momwe ndimasunga masatifiketi a ana. Ngati muli ndi pepala loonetsa kuti ndinachilandira tsikulo lisanafike, ndikupempha kuti mundionetse siginecha yanga.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza kope la kapepala kolembedwa ndi dzanja la ejenti, zithunzi za mauthenga a pafoni a pa 13 Malichi 2023, momwe analemba kuti "ndalama yanu sitayika, mudzaitenga mukafuna," ndi mapepala a malipiro anga oonetsa miyezi yonse 27. Anzanga awiri omwe analipo tsiku lija avomera kuchitira umboni, ndipo mmodzi walemba kale zomwe anamva.

Ejenti amagulitsa m'dzina lanu, ndipo inu ndi amene munalandira ndalama zanga chifukwa cha mawu ake. Inshuwalansi imafuna kuti kasitomala anene zoona zokhazokha pa fomu, ndipo ine ndinayankha mafunso onse a zaumoyo wanga osabisa kanthu. Chilungamo chomwecho chinayenera kuchokeranso kwa inu.

Choncho ndikupempha kuti muthetse pulaniyi ngati kuti sinayambe nkomwe, ndipo mundibwezere ndalama zonse zomwe ndapereka popanda kuchotsa komishoni kapena china chilichonse. Muleke kudula malipiro anga kuyambira mwezi uno. Kuleka kumeneku kusatengedwe ngati ndasiya pulani mwa kufuna kwanga, kapena kuti ndavomera kandalama kochepa kaja. Pakauntala anandiuza kuti nditha kungosiya kupereka nkudikira ndalama yochepetsedwa mu 2038, kapena kutenga ngongole pa pulani yomweyi. Zonse ziwiri ndakana: sindingakongole ndalama yanga yomwe nkumalipiranso chiwongoladzanja. Munditumizirenso kope la fomu yomwe ndinasaina ndi mapepala ena onse omwe ejenti anapereka okhudza ine.

Ndikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku lomwe mulandire kalatayi. Ndikapanda kulandira yankho, kapena likakhala losandikhutiritsa, nditengera nkhaniyi ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi. Mwana wanga akuyenera kukalembetsa ku koleji pa 1 Seputembala, ndipo fizi yake ndi ndalama yomwe ili m'manja mwanuyo.

Ine wodandaula,
Mwini wa pulani nambala 4471902