Kalata Yopita ku Likulu: Denga Lodontha pa Shedi Nambala 2 ku Kanengo

Depoti ya Kanengo, Lilongwe
12 Januwale 2026

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Ntchito za Kampani
Kudzera kwa Bwana Woyang'anira Depoti

Bwana,

DANDAULO LA KUDONTHA KWA DENGA NDI KUONONGEKA KWA CHIMANGA

Ife osunga katundu pa depoti ya Kanengo tikupempha kuti mulowererepo pa nkhani ya denga la shedi nambala 2, imene tinaipereka koyamba pa 6 Okutobala 2025 koma mpaka lero denga silinakonzedwe. Tafika kwa inu titatsata njira zonse za pa depoti, ndipo Bwana Woyang'anira Depoti aiwerenga kalatayi tisanaitumize. Sitikuloza chala munthu aliyense. Ofesi iliyonse imene nkhaniyi yadutsamo yakhala ikutiyankha. Vuto ndi lakuti mayankhowo sakufika pomanga mfundo yoti ntchito iyambike, pamene mvula ili pakati.

Pa 6 Okutobala, poyendera mashedi mvula isanayambe monga timachitira chaka ndi chaka, tinapeza malata 14 a mbali ya kum'mawa atachita dzimbiri mozungulira misomali. Timphira ta pa misomali tinauma n'kuthetheka, moti masana ukaima m'kati kuwala kwa dzuwa kumaoneka m'mabowo. Ngalande ya chitsulo yolandira madzi a padenga, yotalika mamita 18, inapindika pakati ndipo madzi m'malo motsikira ku paipi amasefukira m'kati mwa khoma. Tsiku lomwelo tinalemba fomu yopempha kukonza, nambala 0417, n'kuipereka ku ofesi yokonza zinthu pamodzi ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi.

Pa 27 Okutobala kunabwera mmisiri kudzayeza, ndipo anapereka kotesheni ya K4,800,000, yogwira ntchito kwa masiku 14. Pa 18 Novembala tinakumbutsa mwa kalata. Anatiyankha kuti ndalama zochuluka chotere zimafuna makotesheni atatu, ndipo awiri anali asanabwere. Pomwe awiriwo amafika pa 28 Novembala, woyamba uja anali atatha kale nthawi yake pa 10 Novembala.

Usiku wa pa 2 Disembala kunagwa mvula yamphamvu. M'mawa mwake tinapeza madzi atadontha pamwamba pa mulu wa matumba 1,200 a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse. Matumba 86 a mizere iwiri ya pamwamba ananyowa. Chimangachi pofika chinali ndi chinyezi cha 12.5 pa 100 malinga ndi buku lolandirira katundu, koma titayeza matumba onyowawo tinapeza 19. Tinawatsitsa, n'kukhuthula, n'kuyanika pa malona masiku atatu. Matumba 61 anabwerera pa chinyezi cha 13 pa 100 ndipo tinawasokanso. Otsala 25, omwe ndi makilogalamu 1,250, anali atayamba kale kutentha ndi kununkha chuku, choncho tawaika padera ndipo talemba chizindikiro choti asatuluke. Lipoti la kunyowa kwa matumbawo tinapereka pa 3 Disembala.

Pa 9 Disembala tinalandira malona anayi oti tifunditse mulu poyembekezera. Pa 22 Disembala tinauzidwa kuti kotesheni yatsopano yakwera kufika K5,600,000, ndipo popeza yasiyana ndi ndalama zimene zinalembedwa poyamba, pempho liyenera kuyambiranso. Kenaka maofesi anatseka pa tchuthi cha Khirisimasi. Pa 6 Januwale 2026 madzi anasefukiranso mu ngalande ija, n'kutsika ndi khoma, n'kudzaza pansi mpaka kukhudza matumba a mzere wa pansi pamene mapaleti ena ndi othyoka. Ulendo uno anyowa matumba 140. Tikuwayanika m'kati mwa shedi nambala 1 chifukwa kunja dzuwa silikudalirika, ndiye chiwerengero cha owonongekeratu tidzachipereka pa 16 Januwale tikamaliza kuyeza.

Tifotokozeko pang'ono za malona, chifukwa pa pepala zingaoneke ngati vuto linachepa. Lona limatchinga madzi ochokera pamwamba basi. Likakhala pa mulu usana ndi usiku nyengo ino, limatsekera mpweya, ndipo m'mawa mukalowetsa dzanja pansi pake mumapeza thumba la pamwamba lili lofunda ndi lonyowa ngati latuluka thukuta. N'chifukwa chake tsiku lililonse timalivundukula m'mawa n'kulibwezera madzulo, ntchito imene imatenga anthu anayi pafupifupi ola lathunthu. Chimanga chikapitirira 13 pa 100 n'kukhala chofunda chimachita chuku msanga, ndipo chuku china chimasiya poizoni amene satha ngakhale chimangacho chiumenso kapena chigayidwe. Ufa wake ukhoza kuoneka bwinobwino m'maso. Apa ndi pamene mtima wathu uli, pakuti chimangachi chikupita pa mbale za anthu.

Pali chinanso. Mulu umenewu unayenera kufukizidwa mankhwala ophera anankafumbwe sabata yoyamba ya Januwale, koma akatswiri ofukiza anakana, ndipo anachita bwino. Mapiritsi ofukizira akakhudzana ndi madzi amatulutsa mpweya wake mwamphamvu nthawi imodzi ndipo akhoza kuyaka moto. Ngati denga likudonthabe, kufukiza sikungachitike, pamene tikagwedeza matumba a m'mphepete tayamba kuona ufa ukugwa, kusonyeza kuti tizilombo talowa.

Mmene ife tikuonera, nkhaniyi yakodwa pa ndondomeko. Kotesheni imakhala masiku 14, pamene kusonkhanitsa makotesheni atatu ndi kupeza chilolezo kwatenga masiku oposa 30, ndiye nthawi iliyonse mapepala akamakwanira, loyamba limakhala latha ntchito ndipo mtengo wasintha. Fomu yopempha kukonza ilibenso malo olembapo kuti ntchito ndi yachangu, kotero denga lodontha pa chakudya likudikira mzere umodzi ndi kupenta mpanda. Ngati pali mbali ina ya nkhaniyi imene ife kuno sitikuiona, tili okonzeka kuimva ndi kukonza zimene talemba.

Chimene tikupempha choyamba ndi chakuti pofika Lachisanu pa 23 Januwale pakhale chigamulo cholembedwa pa fomu 0417, chonena mmisiri amene wasankhidwa ndi tsiku loyamba ntchito. Taganizira kuti pa 15 Januwale ndi tchuthi cha Chilembwe. Mmisiri anati ntchito yonse, kuchotsa malata 14, kukhoma ndi misomali yatsopano ndi kuwongola ngalande, ndi ya masiku anayi.

Poyembekezera zimenezo, tikupempha chilolezo chosamutsira matumba onse abwino ku shedi nambala 1 sabata ino. Malo alipo okwanira ngati titalandira mapaleti 30 ndi aganyu khumi kwa masiku awiri, ndipo tidzasiya mpata wa mita imodzi kuchokera ku khoma monga mwa lamulo la kasanjidwe. Tikupemphanso kuti matumba 25 a mu Disembala ayezedwe ku labotale asanagamulidwe chochita nawo, komanso kuti pasankhidwe ofesi imodzi yoti tizifunsako za nkhaniyi, kuti tisamayende uku ndi uku.

Taphatikiza kope la fomu 0417, makotesheni onse, kalata yokumbutsa ya pa 18 Novembala, lipoti la pa 3 Disembala, masamba a buku loyezera chinyezi, ndi zithunzi zokhala ndi madeti. Mukafuna kudzaona nokha kapena kutuma nthumwi, nthawi yabwino ndi m'mawa cha m'ma 7 koloko tisanavundukule malona.

Ife anu pa ntchito,

Wamkulu wa Osunga Katundu
Kalaliki wa Buku la Katundu
Kapitawo wa Shedi Nambala 2

Kope: Bwana Woyang'anira Depoti, Ofesi Yokonza Zinthu, Ofesi ya Zachuma