README.md yathu ikuoneka zachilendo pa GitHub, kakonzedwe kake ndi aka

Anzanga, musanapange commit ina pa gawo la kuinsitola werengani kaye izi. Mu edita fayilo ikuoneka bwinobwino koma pa GitHub masitepe onse akutuluka 1, 1, 1 ndipo timadontho tamkati tikungoima patokha kunja kwa nambala. Vuto ndi masipesi basi. Panopa zili chonchi:

````
1. Koperani pulojekiti
  - mukhale ndi git
```
npm install
```
1. Yatsani seva
````

GitHub imatsata malamulo a CommonMark, ndiye chilichonse chomwe mukufuna chikhale mkati mwa sitepe chiziyambira pomwe payambira mawu a sitepeyo, osati pomwe pali nambala. Pa `- ` ndi masipesi 2, pa `1. ` ndi 3, mukafika `10. ` ndi 4. Apapa tinaika 2 pansi pa `1. ` nchifukwa chake kadontho katuluka panja. Khodi nayo yayambira kumphepete kwenikweni, ikudula lisiti pakati, ndiye `1.` wotsatirayo akuyambitsa lisiti yatsopano mmalo mosanduka 2.

Yokonza ndi iyi:

````
1. Koperani pulojekiti
   - mukhale ndi git

   ```
   npm install
   ```

1. Yatsani seva
````

Koma musatengeke nkumangomenya sipesi mpaka kalekale ayi. Mukapitirira ndi masipesi 4 kuchoka pomwe payambira mawu, pamwamba pali mzere wopanda kanthu, Markdown imati zonsezo ndi khodi ndipo timakodola titatu tija tizioneka pa sikirini momwe mwatilembera.

Za mizere yopanda kanthu, siyani umodzi pamwamba ndi pansi pa khodi ndi pa lisiti. Makamaka pansi pa lisiti, chifukwa ndime mukaimata pompo popanda kudumpha mzere imamezedwa nkukhala mbali ya kadontho komaliza, ndi zomwe zachitika ndi chenjezo lathu la `.env` lija, munthu akuwerenga ngati likukhudza a Windows okha pomwe ndi la tonse. Pansi pa `</summary>` mu `<details>` siyaninso mzere, apo ayi lisiti yamkatimo ituluka ngati mawu wamba.

Tabu tiisiye kaye chonde. Edita ina imaionetsa ngati masipesi 2 ina 8, pomwe CommonMark imaiwerenga kuti yafika pa malo a 4, ndiye maso amakunamiza.

Kumapeto kwa fayilo, komwe gawo lonse la layisensi lasanduka bokosi lotuwa, ndi khodi yomwe sinatsekedwe, timakodola totsekera tilipo tiwiri tokha mmalo mwa titatu ndiye yameza zonse mpaka pansi.

Mukakonza thamangitsani ichi:

```
npx markdownlint-cli README.md
```

Ikadandaula MD031 ndiye khodi ilibe mizere yopanda kanthu, MD032 ndi lisiti. Za MD013 zoti mizere yatalika ine ndimangozisiya, sizisintha kaonekedwe. Kenako dinani Preview muone ndi maso kuti manambala akuyenda 1, 2, 3 musanatumize pull request.