Dongosolo la kanema wophunzitsira: kulandira feteleza ndi kumulemba mu kompyuta

Achimwene,

Nali dongosolo la kanema uja tinakambirana Lachiwiri. Aganyu anayi a nyengo ya feteleza ayamba pa 6 Okutobala, awiri ku Kasungu, awiri ku Mponela, ndipo ine sindingadzigawe pakati. Kanemayu asapitirire mphindi zisanu ndi ziwiri, chifukwa adzamuonera pa foni, mwina ataima pakhomo la nyumba ya katundu.

Chimodzi chokha musandisinthire polumikiza: manja kaye, sikirini pambuyo. Chaka chatha mnyamata wina tinamuphunzitsa kompyuta tsiku loyamba, kuwerenga matumba tsiku lachitatu. Lole itabwera iye anathamangira pa desiki, nakopera 200 ya pa chikalata, nasayina, dalaivala n'kumapita. Titawerenga madzulo anali 192. Sanabe mwanayo, anangotsata mmene tinamuonetsera. Ndiye m'kanemayu kompyuta isaoneke mpaka matumba atawerengedwa ndipo dalaivala wasayina.

Pojambula

Za panja mujambule ndi foni Lachinayi, lole ikabwera. Foni muigoneke chopingasa, osati choimika, kuti zithunzi zidzagwirizane ndi za sikirini. Mawu a pamalopo musavutike nawo, chigayo cha apaneba chikangolira palibe chimamveka. Ndidzawerenga ndekha Loweruka mu ofesi titatseka chitseko. Mayi osunga makiyi a nyumba ya katundu avomera kuoneka, onyamula awiri avomeranso. Dalaivala si wathu: mumupemphe, akakana mujambule manja okha, ndipo nambala ya lole isaoneke.

Za sikirini mujambule ndi OBS Studio pa kompyuta ya mu ofesi. Ndinayesa Win+Alt+R, imajambula Excel bwinobwino koma siigwira File Explorer, pomwe ine ndikufuna aone fayilo ikutsegulidwa kuchokera mu foda yake. Mu Settings, pa Video, ikani 1280x720 ndi 30 FPS. Mtundu wa fayilo ukhale mkv. Kompyuta ija ilibe batire, ndipo magetsi akathima muli pakati, mkv imasunga zomwe mwajambula kale pomwe mp4 ikhoza kuwonongeka yonse. Mukamaliza pitani pa File, Remux Recordings, isanduke mp4.

Musatsegule buku lenileni la sitoko. Ndakonza lina la manambala ongopeka, `sitoko_yophunzitsira.xlsx`, ndi chikalata chongopekanso cha nambala 0417 choti mujambule pafupi. Excel muikulitse kufika 150%, ndipo WhatsApp ya pa kompyutapo muitseke, tingadzaonetse antchito atsopano uthenga wa abwana. Mawusi muziyendetsa ngati mwatopa. Mukadina, werengani mumtima mpaka katatu musanasunthe.

Mafayilo muwapatse mayina otsata sitepe, `01_lole.mp4`, `02_kuwerenga.mp4` mpaka `07_kutseka.mp4`, kuti adzifole okha mu foda.

Poyambira (masekondi 15)

Chithunzi: khomo la nyumba ya katundu, mayi akutsegula loko.

Mawu: "Takulandirani. Tikuonetsani mmene timalandirira feteleza pano, kuyambira lole ikaima mpaka chikalata chitalowa mu fayilo. Masitepe ndi asanu ndi awiri. Anayi oyamba ndi a panja, kompyuta simuikhudza."

Sitepe 1: Landirani chikalata, musasayine

Chithunzi: lole ikubwerera chammbuyo, dalaivala akupereka chikalata. Kenako pafupi: chala chikuloza nambala 0417, mtundu wa feteleza, chiwerengero.

Mawu: "Dalaivala akupatsani chikalata cha katundu. Onani kuti ndi cha nthambi yanu, onani nambala yake, mitundu ya feteleza ndi matumba amene akuti abweretsa. Apa akuti yureya 200. Cholembera chikhale m'thumba. Akanena kuti akufulumira, muuzeni mwaulemu kuti musayina mukawerenga."

Sitepe 2: Werengani matumba

Apa ndiye pamtima pa kanemayu, musaumirepo nthawi. Ndikufuna mphindi ziwiri zathunthu, zithunzi zinayi.

Choyamba, patali: onyamula akutsitsa ndi kusanja pa mathabwa, matumba khumi mulu uliwonse, yureya mbali yake, NPK mbali yake. Chachiwiri, kumbuyo kwa phewa la mayi: akulemba kamzere kamodzi papepala thumba lililonse likadutsa, kachisanu kopingasa. Chachitatu, pafupi penipeni: dzanja likugunda thumba lililonse la mulu umodzi kuchokera pansi kukwera, limodzi, awiri, mpaka khumi, osadula. Mudzaona ngati n'chotalika ndipo chala chidzakuyabwani kuti mudule pa lachinayi. Chisiyeni. Munthu akaona tikudumpha m'kanema nayenso adzadumpha pa ntchito. Chachinayi: mayi akuyenda kuwerenga milu, n'kuima pa mulu womaliza womwe ndi wosakwana.

Mawu: "Imani poti thumba lililonse lidutse pamaso panu. Lembani kamzere pa thumba lililonse. Matumba asanjidwe khumikhumi pa mathabwa, osati pansi, ndipo asagunde khoma, feteleza sagwirizana ndi chinyezi. Mitundu isasakanikirane: thumba la yureya ndi la NPK onse ndi a makilogalamu 50, ndipo fumbi likawakuta amafanana, choncho werengani zolembedwa pathumba. Akamaliza kutsitsa, werenganinso kachiwiri, tsopano milu. Gundani thumba lililonse ndi dzanja. Timizere tanu ndi milu zikasiyana, bwerezani. Musafunse onyamula kuti alipo angati."

Mawu akatha chithunzi chipitirire chete masekondi asanu.

Sitepe 3: Patulani owonongeka

Chithunzi: thumba long'ambika pakona, lina louma gwa ngati mwala chifukwa linanyowa. Awiri otere ndawasunga kuseri kwa chitseko.

Mawu: "Thumba long'ambika, lonyowa kapena louma gwa liikeni padera ndipo mulijambule ndi foni. Limawerengedwa, koma pa lokha. Lero abwino ndi 196, owonongeka 2."

Sitepe 4: Lembani zomwe mwapeza, kenako sayinani

Chithunzi: pafupi, dzanja likulemba pa chikalata. Zilembo zioneke, ngati dzuwa likuthobwa pepala sunthirani pamthunzi. Dalaivala akusayina pambali.

Mawu: "196 kuphatikiza 2 ndi 198. Chikalata chikuti 200. Lembani pa chikalatapo: ndalandira abwino 196, owonongeka 2, asowa 2. Dalaivala asayine pansi pa mawu amenewa, inu musayine pambuyo pake. Pepala limodzi atenge, lina likhale lanu. Akakana kusayina, imbirani woyang'anira nthambi lole isanachoke."

Apa muike chithunzi chachifupi cha mayi akuyenda kuchokera panja kukakhala pa desiki, chikalata chili m'manja. Masekondi anayi akwana. Ndi kamlatho kosonyeza kuti za panja zatha.

Sitepe 5: Tsegulani buku la sitoko

Sikirini: File Explorer, foda ya `SITOKO`, kudina kawiri fayilo, kutsika mpaka mzere woyamba wopanda kanthu, womwe ndi 14.

Mawu: "Tsegulani foda ya sitoko, dinani fayilo kawiri. Tsikani mpaka mzere woyamba wopanda kanthu. Musalembe pamwamba pa mzere wa mnzanu."

Sitepe 6: Lembani mzere wanu

Sikirini: A14, Ctrl+; kuti tsiku lilowe lokha. B14 `'0417` kuti 0 woyambayo asachoke, C14 `UREA`, D14 `200`, E14 `196`, F14 `2`. Bokosi la G14 lili kale ndi fomula iyi, ndipo lifiira likangoonetsa -2:

```
=E14+F14-D14
```

Pakati pa D14 ndi E14 mudulepo sikirini, mubwezeretse kwa masekondi atatu chithunzi cha pepala la timizere la sitepe 2, kenako mubwerere. Ndikufuna diso lione komwe 196 yachokera.

Mawu: "Pa tsiku, gwirani Ctrl n'kudina batani la kadontho kokhala ndi mchira, lomwe lili kumanja kwa L. Lembani nambala ya chikalata ndi mtundu wa feteleza. Mu D lembani za pa chikalata, 200. Mu E ndi F lembani zomwe mwawerenga inuyo ndi manja anu. Bokosi la G musaligwire, limadziwerengera lokha. Likafiira musachite mantha ndipo musasinthe nambala kuti kufiirako kuchoke. Ndi mmene ife timadziwira kuti pali zoti titsatire. Mtundu wina wa feteleza, mzere wina. Mukatha dinani Ctrl ndi S."

Sitepe 7: Dziwitsani, sungani chikalata

Chithunzi: foni ikujambula chikalata, chibowolero, chikalata chikulowa mu fayilo yobiriwira, loko akutsekedwa.

Mawu: "Tumizani chithunzi cha chikalata ndi cha matumba owonongeka kwa woyang'anira nthambi tsiku lomwelo. Chikalata chilowe mu fayilo yobiriwira, chatsopano pamwamba. Tsekani, bwezani makiyi."

Pomaliza masitepe onse asanu ndi awiri aoneke pa tsamba limodzi kwa masekondi khumi, kuti wofuna ajambule sikirini asunge.

Polumikiza

Mu Shotcut yambani ndi mawu anga, muwaike pa mzere wawo, zithunzi zizitsata mawuwo. Mukayamba ndi zithunzi mudzapezeka mukundithamangitsa kulankhula. Ikakufunsani za Convert to Edit-friendly pa zojambula za foni, vomerani, apo ayi zimayamba kudumphadumpha. Podula ndi batani la S. Mutu wa sitepe iliyonse muulembe ndi Text: Simple, pakona ya kumanzere kumwamba, zilembo zoyera pa bokosi lakuda, ndipo ukhalepo mpaka sitepeyo itatha, kuti wobwerera mmbuyo ndi chala adziwe pomwe ali. Pa sitepe 6 kokerani pafupi ndi Size, Position & Rotate, mzere 14 udzaze sikirini, chifukwa pa foni timabokosi ta Excel timaoneka ngati nyerere. Nyimbo ayi. Zotembenuzatembenuza zithunzi ayinso, kungodula basi.

Mukatulutsa mp4, muichepetse kuti isadye bandulo ya anthu:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -c:v libx264 -crf 26 -c:a aac -b:a 96k kanema_foni.mp4
```

Manambala akaoneka mwachimbuuzi, tsitsani 26 ikhale 23. Potumiza pa WhatsApp musankhe Document kuti isamufinyenso kachiwiri.

Tisanapatse aganyu, Lolemba timuyese pa mtsikana wa pa kauntala ya mbewu, sanalandirepo katundu chiyambire. Aonere kamodzi pa foni yake, timupatse chikalata 0417 ndi milu iwiri, ife tikhale chete. Pamene ati akaime n'kutiyang'ana, mulembe sitepe yake, pamenepo tidzajambulanso Lachinayi linalo. Batire la foni mudzaze Lachitatu usiku, lole imatha kufika isanakwane 7 koloko.

Ndine mnzanu wa ku ofesi ya sitoko.